Mimba ya Kebulo

Mwamuna wanga anali munthu wa fensi. Papulazi pamene tinkakhala, mbali ya ku Mhangura, waya aliyense wotchinga ng'ombe anadutsa m'manja mwake. Akamaliza kukoka ankamugunda ndi chala n'kutchera khutu. Waya akalira ngati gitala, ntchito yatha. Akapanda kulira, ankabwerera n'kukokanso, ngakhale dzuwa litapendeka. Anaphunzira choncho kwa bambo ake, ndipo palibe anamutsutsapo pa nkhani ya waya.

Tonse awiri tinabadwira m'komboni ya pulazi lomwelo. Agogo athu anachokera ku Malawi kalekale, koma ife mudzi wake sitiudziwa. Kwathu kunali nyumba ya zipinda ziwiri ija, ya malata odontha pakona, ndipo nayonso sinali yathu. Pulazi litagawidwa, bambo amene anatenga mbali yathu ananena poyera kuti nyumba ndi ya munthu amene akugwira ntchito. Bamboyo anamusunga mwamuna wanga pa ntchito chifukwa cha fensi. Nthawi imene ndikunenayi mwana wathu wamkazi anali ndi miyezi isanu ndi itatu.

Mwini pulaziyo ankakhala ku Harare, ankabwera Loweruka lokha. Chaka chimenecho anaganiza zobzala fodya wothirira tsidya lina la mtsinje, mvula isanayambe. Pampu inali tsidya lathu, pa dziwe losaphwa. Madzi anafunika kuwoloka. Kale paipi inkawolokera kumtunda, pamiyala, pomwe mtsinje ndi wopapatiza, itapachikidwa pa kebulo, chingwe chonenepa cha waya wopota. Koma malo amenewo anagwera kwa munthu wina amene sankagwirizana ndi bwana wathu. Kwathu kuno mtsinje ndi wotambalala kawiri. Kumtunda kuja anali mamita makumi awiri, kuno makumi anayi.

Bwana anabwera ndi kebulo yakale, mpukutu wa paipi yakuda ndi mizati iwiri ya bulugamu. Anatsitsa zonse pa gombe n'kuuza mwamuna wanga m'Chishona kuti, “Iwe ndiwe wa mawaya. Madzi akafika uko, khala m'nyumba ija mpaka ukalambe. Akapanda kufika, alipo ambiri akuifuna.” Ananena akuseka, koma tonse tinamva.

Khomo loyandikana nalo kunkakhala mkulu wina wachisilamu amene tonse tinkamutcha asekuru, ndiye kuti agogo m'Chishona. Anagwira ntchito ya makebulo ku mgodi mpaka unatsekedwa, ndiye anabwera kudzakhala ndi mwana wawo wamkazi. Maso anali atayamba kuchita nkhungu, miyendo yotupa. Ankakhala pakhonde n'kumagulitsa fodya wa mphuno ndi tomato. Iwo ndi mwamuna wanga ankanyozana tsiku lililonse. Asekuru ankati, “Wadzuka bwanji, wodya mbewa?” Mwamuna wanga ankayankha kuti, “Ndadzuka, mudhara, nkhalamba inu. Nkhumba yanu ndakusungirani.” Ankakondana, koma mwamuna wanga sakanapita kukafunsa nzeru ya waya kwa munthu wina aliyense.

M'mawa wina ndikuyanika matewera, asekuru anandiitana.

“Amayi a mwana, mwamuna wako akufuna kuchita bwanji ndi kebulo ija?”

Ndinati anapita kumtunda kukaona ya kale, ndipo adzachita chimodzimodzi. Mzati mbali ino, mzati mbali iyo, kebulo idutse pamwamba pa mizati n'kutsikira kumbuyo, kukamangidwa ku chipika chokwiriridwa m'nthaka.

“Chipika chofanana ndi chakumtunda?”

“Eya.”

“Ndipo aikoka ngati fensi.”

Ndinapitiriza kuyanika. Ine kulankhula ndi akuluakulu kumandivuta, mawu amandithawa.

“Masula chingwe chakocho mbali imodzi,” anatero. “Usachotse matewera. Gwira m'manja.”

Ndinamasula. Matewera anali onyowa, otalikirana mofanana kuchokera kumtengo mpaka kwa ine. Chingwe chinagwa pakati n'kupanga mimba. Sichinali cholemera.

“Koka tsopano, mimba ichepe.”

Ndinakoka. Poyamba chinabwera mosavuta. Kenaka chinayamba kundikokera kutsogolo, mapazi akutsetsereka pa fumbi. Ndinagwira ndi manja awiri, chingwe chikundidula zikhato, mwana kumbuyo n'kuyamba kulira. Mimba inatsalabe pang'ono. Sinafune kutha.

“Wawonjezerapo thewera?” anafunsa asekuru.

“Ayi.”

“Nanga chalemera n'chiyani?”

Mwana wawo wamkazi, amene ankasesa pabwalo, anati, “Musiyeni mwana wa eni, abambo. Mwayamba kutsegula sukulu pa matewera?”

“Khala chete iwe, unakanika giredi fo.”

Ine ndinalekezera giredi faifi, koma kuchulukitsa ndi kugawa ndinkakhoza. Asekuru anandiuza kuti ndikhale pansi, anandipatsa kamtengo kuti ndizilemba pa dothi, popeza iwo sankaonanso bwino. Anati paipi ija ikadzaza madzi, pamodzi ndi kebulo yake, mamita khumi aliwonse amalemera ngati thumba limodzi la feteleza. Mamita makumi anayi, matumba anayi. Kulemera kopita pansi sikuvuta, anatero, awiri mzati uno, awiri mzati uwo. Chimene chimazula chipika ndi kukoka kwa cham'mbali, kuja kunandikokera ine kutsogolo.

“Lemba. Matumba anayi, chulukitsa ndi mamita a mtsinje.”

“Handiredi sikisite.”

“Gawa ndi eyiti.”

“Twente.”

“Tsopano twente ameneyo ugawe ndi mimba. Mimba ikakhala mita imodzi, chipika chikukokedwa ndi matumba twente. Mamita awiri?”

“Teni.”

“Anayi?”

“Faifi.”

“Nanga akaikoka mpaka mimba itatsala theka la mita?”

Ndinaganiza kanthawi. “Fote,” ndinatero motsitsa mawu.

“Matumba fote, pa paipi ya matumba anayi.”

Ndinafunsa kumene eyiti wachokera. Anati anamupeza ku mgodi ali kale, ndipo amagwira ntchito pokhapokha katundu atayalidwa mofanana kuchokera uku mpaka uko, monga matewera anga kapena paipi ya madzi. Kenaka anandiwerengetsa ya kumtunda ija. Matumba awiri, mamita twente, mimba ya mita imodzi. Anatuluka matumba asanu okha.

“Waona? Mtsinje watambalala kawiri, koma pa mimba yomweyo kukoka kwakwera kanayi. Katundu wachuluka kawiri, mtunda nawonso kawiri. Chipika cha kumtunda chinakumbiridwa matumba asanu. Kamuuze wodya mbewa wakoyo. Kwa ine samva.”

Madzulo amenewo, titatha kudya, ndinamuuza. Ndinayamba ndi kupepesa, ndikuyang'ana mbale. Sanakwiye. Anandiuza kuti ndilembenso pansi, anayang'ana manambala nthawi yaitali.

“Ndiye mudhara akufuna mimba ya mamita anayi? Paipi izisamba mumtsinje?”

Ndinati asekuru anena kuti pafunika mizati yaitali, kebulo ikhale m'mwamba ndi mimba yake, paipi ilendewere pansi pake pa timawaya, tatitali m'mbali, tatifupi pakati, kuti paipiyo ikhale yowongoka.

“Mizati yaitali ndiitenga kuti? Iyi ikalowa m'dzenje itsala mamita awiri.”

Komabe anamva. Anakumba maenje akuya kuposa akumtunda, anaika zipika zazikulu za mtengo wa msasa, anathira miyala pamwamba. Asekuru atamva anati zimenezo zingapirire matumba khumi, mwina khumi ndi asanu nthaka ikakhala youma. Mwamuna wanga anamangirira paipi pa kebulo n'kusiya mimba ya mamita awiri. Lachisanu anayatsa pampu. Madzi anawoloka, anatulukira tsidya lija. Ana a m'komboni anathamangira kukasamba. Ine ndinaima pa gombe ndikuyang'ana mizati. Sinagwedezeke.

Koma nkhope ya mwamuna wanga sinasangalale. Anagunda kebulo ndi chala, sinalire. Anzake awiri amene ankamuthandiza anayamba kumuseka.

“Waya wako ali ndi pakati, achimwene. Miyezi ingati?”

“Mkazi wabereka posachedwapa, tsopano waya. Mwamuna uyu ngoopsa.”

Anaseka nawo, koma maso ali pa kebulo.

Loweruka bwana anafika. Ine ndinali pomwepo, ndinabweretsa mahewu. Anaima pa gombe, manja m'chiuno, n'kuyang'ana pakati pa mtsinje pomwe paipi inatsika kufika pa msinkhu wa gombe.

“Ichi n'chiyani?”

Mwamuna wanga anati madzi akuwoloka bwino.

“Lero akuwoloka. Nanga mvula ikagwa? Mtsinje uwu umadzaza mpaka m'milomo, umabwera ndi mitengo. Mtengo umodzi ukakola apo, paipi yanga yapita.”

Pamenepo bwana sananame. Tonse tinkaudziwa mtsinjewo. Mwamuna wanga anati n'chifukwa chake akupempha mizati yaitali, ya mamita asanu ndi limodzi.

“Mizati ndakupatsa. Koka waya, basi. Si ntchito yako imeneyo? Kapena manja atopa?”

“Ikakokedwa kwambiri izula zipika.”

“Paipi ya pulasitiki izule chipika cha msasa? Anyamata anayi akhoza kuinyamula. Wakuuza zimenezo ndani?”

Mwamuna wanga anatembenuka n'kundiyang'ana. Sakananena pamaso pa amuna anzake kuti wamva kwa mkazi wake, amene wamva kwa nkhalamba yosaona yogulitsa fodya wa mphuno. Anandiyang'ana kuti mwina ndinene ndekha. Manambala onse anali m'kamwa mwanga. Kamtengo kanali pafupi ndi phazi langa, dothi linali losalala. Ndikanagwada n'kulemba twente, n'kugawa ndi theka. Bwana ndi munthu wophunzira, akanaona. Koma amuna anayi anali kundiyang'ana, mmodzi wa nsapato zonyezimira. Ndinakonza nsalu ya mwana kumbuyo, ndinayang'ana pansi.

“Ndikufuna ndiione yowongoka ndisanakwere galimoto,” anatero bwana.

Mwamuna wanga anakatenga tcheni buloko ku shedi, chida chija chokwezera injini, n'kuchikola pakati pa kebulo ndi chipika cha tsidya lathu. Madzi anali m'paipi. Poyamba mwamuna wanga ankakoka tcheni ndi dzanja limodzi. Kenaka awiri. Kenaka anaitana mnzake. Chodabwitsa n'chakuti kebulo imene analowetsa inali yochepa, yosakwana mkono umodzi, koma pakati pa mtsinje paipi inakwera ndithu. Mimba inatsala ngati theka la mita. Mwamuna wanga anagunda kebulo ndi sipanala, inalira mawu okuya amene ndinawamva m'mano.

“Ndi imeneyo,” anatero bwana. “Ndimadziwa kuti umatha.”

Mwamuna wanga anamwetulira. Sindimuimba mlandu. Inkaoneka bwino kwambiri, ngati mzere wolembedwa ndi rula.

Lolemba tinayamba kuwokera mbande tsidya lija, akazi tonse, kuyambira m'mamawa. Dzuwa la nyengo imeneyo limawotcha nthaka mpaka mapazi kusowa popondera. Mbande ya fodya ikangowokeredwa imakhala ndi moyo chifukwa cha madzi okha. Pofika Lachitatu munda wonse unali utabzalidwa.

M'mawa uliwonse mwamuna wanga ankapeza mimba itabwererako pang'ono. Ankati ndi mmene amachitira waya watsopano wa fensi, amatambasuka masiku oyamba, umangomukokanso. Tcheni buloko anaisiya pomwepo, ndipo m'mawa uliwonse ankawonjezera. Nditauza asekuru, anasiya kuyeza fodya wa mphuno.

“Kebulo ija ndi yakale, inatha kutambasuka ine ndili mnyamata. Si waya amene akutalika. Chipika chikuyenda. Chikayenda, mimba imakula, kukoka kumachepa, chimapuma. Iye akabwera akuchibwezera katundu yense. Kayang'ane nthaka pamwamba pa chipika.”

Ndinapita masana, anthu ali kumunda. Nthaka inali itatupa mbali ya kumtsinje, ndipo kumbuyo kwake kunali mng'alu woti n'kulowetsa dzanja. Polumikizira paipi pafupi ndi mzati pankadontha madzi, dontho limodzi limodzi, n'kumatsikira mumng'alumo. Dothi linali lofewa ngati phala.

Ulendo uno ndinalankhula. Ndinamuuza akusamba m'manja, ndisanamupatse n'chakudya chomwe.

“Ndawona,” anatero. “Ukuganiza kuti ndilibe maso?”

“Ndiye masulani pang'ono, abambo ake. Mpaka mvula itayandikira.”

“Loweruka akubwera. Apeze mimba ija yabwerera, andiuze chiyani? Ingopirira mpaka Loweruka. Ndikamupemphanso mizati.”

“Asekuru akuti...”

“Asekuru nyumba yawo siili pa waya.”

Lachisanu m'mawa ndinamutsatira ku mtsinje ndi ndowa, ngati ndikukatunga madzi. Pampu inali ikulira. Anagwira tcheni, anakoka kamodzi, kawiri. Kachitatu nthaka inatseguka. Sipanamveke phokoso lalikulu poyamba, kunangokhala ngati ng'ombe ikuzula phazi m'matope. Chipika chinatuluka ndi miyala yake, mzati unagwera kumtsinje, tcheni buloko inauluka n'kumumenya dzanja lamanja. Paipi inagwa yonse, ndipo pogwa inakoka pampu n'kuthyola chitsulo cha pakamwa pake. Madzi anathovokera m'mwamba, kenaka injini inazima.

Mwamuna wanga anakhala pansi atagwira dzanja. Zala ziwiri zinaloza kumene zala sizilozera. Sanalire. Ankangoyang'ana dzenje lija.

Ku kiliniki anamumanga zala. Bwana anauzidwa pa foni, anati chitsulo cha pampu yakale ngati ija sichipezeka msanga. Loweruka sanabwere. Ife akazi tinayamba kutunga ndi ndowa, kutsika gombe, kukwera gombe, kapu imodzi pa mbande iliyonse. Ndinkayamba kusanatenthe, mwana kumbuyo, mpaka khosi linaleka kutembenuka. Mwana wa asekuru anabwera kudzathandiza ngakhale wogwira ntchito papulazi anali mwamuna wake, osati iye. Mwamuna wanga ankanyamula chigubu ndi dzanja lamanzere. Ukathirira mizere khumi, woyamba uja wauma kale. Tsiku lachinayi masamba anagona pansi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ukawagwira ankafumbutuka m'manja. Tinapulumutsa kachigawo ka pafupi ndi mtsinje, kosakwana n'komwe bwalo la mpira.

Bwana atabwera sanakalipe. Anayenda m'munda, anabwerera, anaima pa dzenje la chipika.

“Unakumba mosaya,” anatero.

Mwamuna wanga anayang'ana dzanja lake lomangidwa. Inenso ndinali pomwepo, ndipo kachiwiri sindinanene kanthu. Panalibenso choti manambala akanapulumutsa. Bwana anatipatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti tituluke m'nyumba.

Tsiku losamuka ndinapita kukatsanzika asekuru. Ndinagwada pakhonde, ndinati ndinalephera kulankhula tsiku lija.

“Ukanalankhula akanakuseka, n'kukokabe,” anatero. “Ku mgodi ndinauzapo azungu a mapepala awo, ena anamva, ena ayi.”

Sindikudziwa ngati ananena zoona kapena ankangondipepuza mtima. Mwamuna wanga atabwera, asekuru anamugwira dzanja lamanzere nthawi yaitali.

“Pita bwino, wodya mbewa.”

“Tsalani, mudhara.” Za nkhumba sanatchule.

Katundu wathu anakwana m'ngolo imodzi. M'nyumba muja munalowa banja lina tisanafike n'kumsewu komwe. Ndinamva pambuyo pake kuti chaka chotsatira bwana anagula mizati yaitali.

Tsopano tili mbali ya ku Shamva, kumene mkulu wake wa mwamuna wanga amakumba golide m'maenje. Zala zija zinapola mokhota, sizigwira pulayala. Amakoka ndowa za dothi kuchokera m'dzenje ndi chingwe, tsiku lina amapatsidwa kanthu, tsiku lina ayi. Kuno kulibe fensi, ndipo palibe amadziwa kuti anali munthu wa waya. Ine ndimachapira anthu zovala.

Tikukhala m'chisakasa cha pulasitiki yakuda. Denga lake lagona pa waya mmodzi amene ndinamanga ndekha pakati pa zikhomo ziwiri. Ndikamusiyira mimba, mvula imasonkhana pakati, pulasitiki imatsika mpaka kukhudza pogona mwana, ndiye ndimaikankha ndi mtengo kuti madzi atayike. Ndikamukoka kuti madzi azitsetsereka, zikhomo zimayamba kupendekera mkati, chifukwa dothi la kuno ndi lotayidwa kuchokera m'maenje, siligwira. Ndikudziwa chimene chikufunika. Ndi mitengo iwiri yaitali. Mitengo yonse ya pafupi inadulidwa kale kukachirikiza maenje, ndipo yotsala ili m'munda wa munthu amene amayenda ndi agalu.

Dzulo mwana wanga, amene tsopano akuyenda, anatola kamtengo n'kuyamba kumenya waya uja. Bambo ake anali atakhala pakhomo. Anatchera khutu pang'ono, monga ankachitira kale, kenaka anamulanda kamtengoko n'kukaponya pamoto.